Filiji Imadya Mayunitsi Angati Pamwezi? Masamu Ake Ali pa Maola

Mumpanda wathu tili mabanja atatu pa mita imodzi, ndipo mwezi uliwonse timasonkherana ndalama ya mayunitsi. Zinkayenda bwino mpaka mayi a nyumba yakumapeto atagula filiji yogwiritsidwapo kale ntchito, ya zitseko ziwiri, n'kuyamba kuumitsa mafilizesi ogulitsa kwa ana asukulu. Bambo a nyumba yapakati, amene amasunga kabuku ka zosonkha, anapita kukaona kapepala komata kumbuyo kwa filijiyo, napeza polembedwa 120 W. Anachulukitsa ndi maola 24, nachulukitsanso ndi masiku 30, n'kubwera ndi chigamulo: mayunitsi 86.4 pamwezi, ndipo onsewo alipire mayiwo.

"Ayi bambo, filiji yangayi siingadye choncho. Nthawi zambiri imangokhala chete," anatero mayiwo.

"Mayi, nambala sinama. Mwazimitsapo liti filijiyi chiigulireni?"

Onse awiri anali ndi mfundo. Kuchulukitsa kwa bambowo kunalibe cholakwa, ndipo njira yawo ndi yomweyo imene aliyense ayenera kutsata. Chimene chinasokonekera ndi nambala imodzi yokha, ya maola.

Tiyambe ndi chimene timagula. Yuniti imodzi ya pa mita ndi magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya chikayaka ola lathunthu. Pamapepala amalemba kWh. Mawati ali ngati kukula kwa kamwa ya mpopi, pamene mayunitsi ali ngati madzi amene alowa m'chidebe. Mpopi waukulu wotsegulidwa kanthawi kochepa ungathe kudzaza chimodzimodzi ndi waung'ono wosiyidwa tsiku lonse. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yuniti m'theka la ola. Filiji ya mawati 120 imafunika kulira maola asanu ndi atatu ndi mphindi 20 kuti imalize yuniti yomweyo. Masamu onse ndi awa:

```
mawati × maola patsiku ÷ 1000 = mayunitsi patsiku
mayunitsi patsiku × 30 × mtengo wa yuniti = ndalama pamwezi
```

Pali zinthu zitatu zoti mupeze: mawati, maola ndi mtengo. Chilichonse chili ndi msampha wake, koma misamphayo siyofanana kukula.

Kapepala ka mawati kamapezeka kumbuyo pafupi ndi kompuresa, injini imene imaziziritsa filiji, kapena m'kati mwa filiji pakhoma la m'mbali, cham'munsi pafupi ndi bokosi la ndiwo zamasamba. Pamakhala manambala ambiri, ndipo si onse otsatiridwa ndi W amene mukufuna. Imene mukufuna ndi yolembedwa Rated input kapena Rated power. Nthawi zina pamakhala ina yaing'ono, monga 15 W, imene ndi ya kababu ka m'kati. Kababuko kamayaka pokhapokha chitseko chikatsegulidwa, ndiye musakawerengere n'komwe. Pamafiliji osaunjika madzi oundana m'makoma mumapezanso Defrost input, nambala imene kawirikawiri imaposa ya kompuresa. Imeneyo ndi ya kawaya kotenthetsa kamene kamasungunula madzi oundana obisika kuseri kwa khoma la m'kati. Kamayaka kanthawi kochepa, kangapo patsiku. Ngati ndi ka mawati 180 ndipo nthawi zonsezo pamodzi zikukwana ola limodzi, ndiye kuti muwonjezere mayunitsi 0.18 patsiku, kapena 5.4 pamwezi. Mukalakwitsa n'kutenga 180 kukhala mawati a filiji yonse, masamu anu athawa kale musanayambe. Filiji ya mayi aja inalibe kawayaka, ndi ija yofunika kuzimitsa ndi kusungunula pamanja.

Mapepala ena salemba mawati, amangolemba mavoti ndi maampu. Pakapepala ka mayiwo panalinso 0.9 A. Anthu amene anaphunzirako zamagetsi amathamangira kuchulukitsa mavoti 230 ndi maampu 0.9, n'kupeza 207, n'kunena kuti amenewo ndiwo mawati. Pa ketulo kapena simbi yositira zikanakhala zoona. Koma kompuresa ndi injini yoyendera maginito, ndipo gawo la mphamvu imene imakoka limangopita ndi kubwerera m'mawaya osagwira ntchito. Mita ya panyumba imawerenga yokhayo imene yagwiradi ntchito. N'chifukwa chake kapepala kamodzimodzi kangalembe 0.9 A ndi 120 W popanda kudzitsutsa. Ngati mawati alembedwa, tengani amenewo. Ngati pali maampu okha, dziwani kuti mavoti kuchulukitsa ndi maampu akupatsani nambala yokwera kuposa yeniyeni.

Tsopano maola, pamene pagona nkhani yonse.

Filiji imakhala pa soketi usana ndi usiku, koma sikuti imadya magetsi nthawi yonseyo. M'kati muli kachipangizo komva kuzizira, kolumikizidwa ku kabatani kaja kozungulira kolembedwa manambala. M'kati mukazizira mokwanira, kamazimitsa kompuresa. Kutentha kwa kunja kukalowa pang'onopang'ono kudzera m'makoma ndi pachitseko, kamayatsanso. Aliyense amene anagonapo chipinda chimodzi ndi filiji amadziwa kulira kwake: imati thi, n'kuyamba kung'ung'udza, pakapita kanthawi n'kunjenjemera pang'ono, kenako zii. Mawati 120 aja amadyedwa pa nthawi ya kung'ung'udza yokha. Pa nthawi ya zii, filiji yamtunduwu sidya kanthu. Choncho maola oti alowe m'masamu si amene pulagi yakhala pa soketi, koma amene kompuresa yalira.

Maola amenewa salembedwa pakapepala chifukwa wopanga filiji sangawadziwe. Amadalira kutentha kwa chipinda chanu, kangati mwatsegula chitseko, zimene mwaikamo, ndi pamene mwaloza kabatani. Muyenera kuwapima nokha, ndipo chofunika ndi wotchi ya pafoni ndi khutu basi.

Tinasankha Loweruka lina mu Ogasiti, tsiku limene mayiwo sanaikemo mafilizesi atsopano. Mwana wawo wamkulu anakhala pa kampando pafupi ndi filiji ali ndi kope, kulemba nthawi imene yayamba kulira ndi imene yasiya. Kupima kamodzi sikokwanira, ndiye nthawi iliyonse ankadikira kuti ilire ndi kupuma maulendo awiri kapena atatu, n'kutenga nambala yapakati. M'mawa inkalira mphindi 12 n'kupuma 28. Pa mphindi 40 zilizonse inkagwira ntchito 12, kutanthauza magawo 30 pa 100. Masana, malata atatentha ndiponso ana akutsegulatsegula kufuna madzi ozizira, inkalira mphindi 22 n'kupuma 18, amene ndi magawo 55 pa 100. Usiku anthu atagona inkalira 10 n'kupuma 30, kotala chabe ya nthawi.

Tinagawa tsiku patatu, maola asanu ndi atatu chigawo chilichonse. Chigawo cha m'mawa chinapereka maola 2.4 akulira, cha masana 4.4, cha usiku 2. Pamodzi ndi maola 8.8, amene tinangowatcha 9. Kukanakhala kupima masana okha, tikanapeza maola oposa 13 patsiku. Kukanakhala usiku wokha, tikanapeza 6. Mbali imene munthu wapimira ingathe kumupatsa yankho limene iye akufuna, ndipo pamkangano wa ndalama ndi bwino onse okangana agwirizane kaye nthawi zopimira.

Mawati 120 kuchulukitsa ndi maola 9 ndi 1,080. Kugawa ndi 1,000 tipeza mayunitsi 1.08 patsiku, ndipo pamasiku 30 ndi mayunitsi 32.4. Bambo aja anapeza 86.4. Filiji ndi yomweyo, kapepala ndi komweko.

Za mtengo ndifupikitsa, chifukwa umasintha ndipo nambala imene ndingalembe pano itha ntchito posachedwa. Musavutike kufunafuna mndandanda wa mitengo. Tengani lisiti kapena uthenga wa pafoni umene munalandira pogula mayunitsi komaliza, mugawe ndalama yonse imene munalipira ndi mayunitsi amene munapatsidwa. Mukatero msonkho walowa kale m'kati. Chenjezo limodzi: pamene mitengo ya m'nyumba ili ya magawo, mayunitsi oyambirira a mwezi amatsika mtengo kuposa otsatira, ndiye lisiti ya pa 1 ingakunamizeni. Mpanda wa mabanja atatu umadutsa gawo lotsikalo m'masiku ochepa, choncho ndi bwino kuphatikiza malisiti a mwezi wonse. Pofuna kuti masamu aoneke, tiyerekeze kuti K12,000 yakupatsani mayunitsi 80. Yuniti imodzi ndiye K150. Pamtengo woyerekezawu, mayunitsi 32.4 ndi K4,860 pamwezi, pamene 86.4 aja akanakhala K12,960. Kusiyana kwake ndi K8,100 mwezi uliwonse, ndalama yokwanira kudanitsa anthu oyandikana makomo.

Mayiwo anasangalala, koma nkhani inali isanathe, chifukwa tinapima tsiku limene filiji inalibe katundu watsopano. Kusunga chinthu chozizira kale ndi ntchito yopepuka. Kuumitsa madzi ndiye ntchito yolemetsa, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti kulemera kwake kuli pati. Kuziziritsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 0 kumafuna kuchotsa kutentha kwina kwake. Koma kusandutsa madzi a pa 0 omwewo kukhala oundana kumafuna kuchotsa kutentha koposa katatu kuchuluka kwake, pamene madigiri sakusuntha n'komwe. N'chifukwa chake mafilizesi amazizira msanga koma amachedwa kulimba. Malita asanu a madzi a shuga, amene mayiwo amathira m'timapepala madzulo pokonzekera tsiku la sukulu, amafuna kuti filiji ichotse kutentha kokwana pafupifupi 0.6 kWh. Filiji imachotsa kutentha kochulukirapo pang'ono kuposa magetsi amene yadya, ndiye pa mita zimaoneka ngati theka la yuniti. Pa kompuresa ya mawati 120, theka la yuniti ndi maola anayi owonjezera akulira.

Titapimanso Lachiwiri, mafilizesi ali m'kati, zinagwirizana ndi zimenezi. Kuyambira madzulo kompuresa inalira osapuma mpaka pakati pa usiku, ndipo tsiku lonse linakwana pafupifupi maola 13. Amenewo ndi mayunitsi 1.56 patsiku. Mwezi wonse utakhala wotero ndi mayunitsi 46.8, kapena K7,020 pamtengo wathu woyerekeza. Koma sukulu ndi masiku asanu pamlungu, ndiye kuwerenga koyenera ndi kwa masiku awiri osiyana: masiku 22 a mafilizesi pa 1.56 amapereka 34.3, masiku 8 opanda katundu pa 1.08 amapereka 8.6, pamodzi mayunitsi pafupifupi 43. Ndi theka la zimene bambo aja ananena, koma ndi zochuluka kuposa zimene mayiwo ankaganiza.

Nyengo nayo imasuntha nambalayi. Filiji imalimbana ndi kusiyana kwa kutentha kwa m'kati mwake ndi kwa chipinda. Mu Juni ndi Julaye, ku Dedza kapena ku Mzuzu, khitchini imakhala yozizira kale ndipo kompuresa imapuma nthawi yaitali. Mu Okutobala, makamaka ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja, filiji yomweyo ingathe kulira nthawi yochuluka kuposa imene yapuma. Kutentha kumalowa kochuluka, komanso kompuresa imavutika kutaya kutenthako kumbuyo chifukwa mpweya woulandira ndi wotentha kale. Pakapepala kaja pali chilembo chimene chimanena za zimenezi, pa mzere wa Climate class. N kapena SN ndi filiji yopangidwira chipinda chosapitirira madigiri 32, ST mpaka 38, T mpaka 43. Mafiliji ambiri akale ochokera ku Ulaya ndi a N kapena SN, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala amakhala ali pamalire a mphamvu zawo. Masamu opimidwa mu Ogasiti musawagwiritse ntchito chaka chonse. Ife tinagwirizana zodzapimanso kukatentha.

Mwina mukufunsa za kuthima kwa magetsi: akathima maola asanu ndi limodzi, kodi tichotse kotala ya ndalama? Ayi, osati yonse. Pa nthawi imene magetsi kulibe, kutentha kumalowabe m'filiji, zakudya zimafunda, madzi oundana amayamba kusungunuka. Akabwera, kompuresa imalira mosalekeza kubweza zimene zinatayika. Chopulumuka chilipo, koma n'chochepa kuposa mmene maola akuonetsera. N'chimodzimodzi ndi chizolowezi chozimitsa filiji usiku pofuna kusunga mayunitsi. Usiku ndi nthawi imene imadya pang'ono kale. Pa filiji ya mayi aja ndi maola awiri okha, kotala ya yuniti, ndipo gawo lalikulu la kotalayo lidzabwezedwa m'mawa. Kwa ine, kuika nyama ndi mkaka pachiswe chifukwa cha makwacha ochepa amenewo n'kosapindulitsa.

Khutu lingathe kunama, makamaka pa mafiliji atsopano amene salira mokweza. Palinso mtundu wina umene njira yonseyi siigwira: mafiliji olembedwa Inverter. Kompuresa yake siyaka ndi kuzima ngati zinazi, imangochepetsa kapena kuwonjezera liwiro, ndipo ingathe kuyenda pafupifupi tsiku lonse ikudya mawati ochepa kwambiri kuposa olembedwa. Mukachulukitsa mawati a pakapepala ndi maola amene mwaimva ikuyenda, mupeza nambala yoopsa koma yabodza. Pa mafiliji otere, ndiponso pa ina iliyonse ngati nambalayo ilipo, yang'anani polembedwa kWh/24h, kapena kWh/annum pa chikwangwani chamitundumitundu chimene chimamatidwa pachitseko cha mafiliji ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya. Amenewo ndi mayunitsi owerengedwa kale. Ya patsiku muchulukitse ndi 30, ya pachaka mugawe ndi 12. Filiji yolembedwa 300 pachaka ndi mayunitsi 25 pamwezi. Kungoti nambalayo inapimidwa filiji ili yatsopano, m'chipinda choyesera, popanda ana otsegula chitseko kapena poto wa nyemba zofunda. Itengeni ngati poyambira, yanu ikhala pamwamba pake.

Woweruza womaliza ndi mita yomwe ikudya ndalamayo. Bambo aja sanakhulupirire kope la mwana, ndipo sindiwadzudzula. Tinapempha mabanja onse kuti usiku umodzi azimitse chilichonse, mababu a panja ndi matchaja omwe, kusiya filiji yokha. Nthawi ya 10 koloko usiku mita inkaonetsa mayunitsi otsala 41.62. Pa 6 koloko m'mawa inkaonetsa 41.39. Yadya 0.23 m'maola asanu ndi atatu, pamene masamu athu a usiku wopanda mafilizesi, maola awiri pa mawati 120, ankanena 0.24. Kusiyana kwakung'onoko n'koyembekezeka, chifukwa nambala ya pakapepala kawirikawiri imakhala pamwamba pang'ono pa zimene kompuresa imadya ikakhazikika. Musachulukitse nambala ya usikuyi katatu n'kunena kuti ndi ya tsiku lonse, chifukwa masana ndi nkhani ina. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti mawati ndi khutu lanu zikugwirizana ndi mita.

Mamita ambiri alinso ndi kanyali kofiira kophethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kamaphethira ka 1,000 pa yuniti iliyonse. Ngati yanu ili ndi nambala imeneyi ndipo mukutha kukaona, zimitsani zonse kusiya filiji ikulira, muwerenge masekondi a pakati pa kuphethira kuwiri, n'kugawa 3,600 ndi masekondiwo. Masekondi 30 ndi mawati 120. Masekondi 33 ndi mawati 109. Iyi ndiyo njira yopezera mawati a filiji imene kapepala kake kanafufutika kapena kanamatuka, monga zimakhalira ndi ambiri ogulidwa kwa okonza mafiliji.

Pali nthawi imodzi imene masamu a bambo aja a maola 24 amakhala olondola ndendende: filiji ikadwala. Kompuresa yosapuma n'komwe, ngakhale m'bandakucha kuli kozizira ndipo simunaikemo katundu watsopano, ikukuuzani kuti penapake pavuta. Yambani ndi zosafuna ndalama. Onani kabatani ngati wina sanakapotokolere kumapeto. Tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka: likatuluka mosavuta, labala wa chitseko watha ndipo mpweya wotentha ukulowa usana ndi usiku, chizindikiro china n'chakuti madzi oundana amaunjikana msanga. Madzi oundanawo akakhuthala ngati chala amatchinga kuzizira, ndiye asungunuleni, koma osagoba ndi mpeni, chifukwa mapaipi a gasi ali pomwepo ndipo mafiliji ambiri afera pamenepa. Kumbuyo, nthambo zakuda zija zifunika mpata ndi khoma komanso kupukutidwa fumbi, pakuti ndi pamene kutentha kumatulukira. Ngati zonsezi zili bwino koma kompuresa ikulirabe osapuma, m'kati simukuzizira mokwanira, ndipo nthambo za kumbuyo sizikufunda monga kale, kawirikawiri ndiye kuti gasi wathawa kapena kompuresa yafooka. Apo mpofunika wokonza, ndipo mumufunse apeze pamene pakutulukira gasi asanathire wina. Koma ngati ikuzizira mopitirira mpaka tomato kuuma m'chipinda cham'munsi, vuto ndi kachipangizo komva kuzizira kaja, kakanika kuzimitsa.

Filiji ya mayi aja inali ndi labala womasuka pakona yam'munsi ya chitseko chachikulu, moti pepala linkangotsetsereka lokha. Anamusintha, ndipo mwana uja atapimanso m'mawa anapeza ikulira mphindi 10 n'kupuma 30. M'kabuku ka zosonkha, bambo a nyumba yapakati analemba mayunitsi 43 pa dzina la mayiwo ndi pensulo, podikira Okutobala. Kenako mayiwo anafunsa mwaulemu kuti hotipuleti ya mawati 1,500 imene imaphika nyemba maola awiri kunyumba yapakati imalembedwa pa tsamba liti. Amenewo ndi mayunitsi ofika atatu pa mphika umodzi, ndipo tsamba lake panalibe.